Bimu ya pa shedi ya ku Limbuli yachita mimba, koma memo ya injiniya ikuti chitsulo chili bwino

Kapitawo Duwa: Mwadzuka bwanji amisiri nonse. Ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo. Shedi ija tinamanga ku Limbuli chaka chatha, ya nsanja ya matabwa m'mwamba yosungirapo nandolo, yayamba kuvuta. Pansi pa bimu imodzi pali kaofesi, ndipo chitseko chake chagalasi chokoka chija chakana kuyenda, pulasitala wa pamwamba pake wang'aluka. Mukaima kumbali mukuona ndi maso kuti bimu yachita mimba. Mwini shedi akuti tinamuikira chitsulo chofooka. Dzulo injiniya wa pa saiti walemba memo, ndiye ndikuikirani mawu ake a pakati mundithandize kumva, chifukwa ine ndikuona ngati akuzemba.

Kapitawo Duwa: Akuti: "Bimu ndi UB 203x133x25, sipani mamita 7. Pulani yoyamba inali ya mamita 6, shedi inakulitsidwa ntchito ili mkati ndipo saizi ya bimu sinasinthidwe. Katundu pa mita iliyonse ndi 6 kN, mwa iyeyu 1.5 ndi wa bimu ndi matabwa, 4.5 ndi wa matumba. Sitiresi yafika 160 N/mm², malire amene tinagwiritsa ntchito ndi 165. Choncho chitsulo sichinapyole mphamvu yake. Koma matumba okha akuitsitsa pakati mamilimita 29, pamene malire ndi 19. Posintha sipani tinaonanso sitiresi yokha, kupindika sitinaonenso." Ndiye funso langa ndi ili: ngati sichinapyole mphamvu, chapindikiranji?

Yohane wa njerwa: Akapitawo musavutike ndi mapepala. Dera limenelo nthaka inanyowa kwambiri nthawi ya Freddy mu 2023. Fandeshoni yatsika basi.

Kapitawo Duwa: Ayi a Yohane, tinaika levulo ya paipi yamadzi nsonga zonse ziwiri, zili pa mzere umodzi. Makoma onyamula bimu alibe mng'alu. Kwatsika ndi pakati pokha.

Ganizani wowotcherera: Ine ndinena chilungamo. Zitsulo za masiku ano si zija zakale. Ukaika rodi pang'ono chabooka kale. Injiniyayo awuze mwini agule ya giredi yapamwamba, S355, nkhani yatha. Ya 275 ndi yofewa.

Esime: Ine ndimaona ngati sitiresi ndi ya anthu okha, kani ndi zitsulo zomwe 😂

Madala Likoswe: Iwe Duwa, unasenzapo zidebe ziwiri pa nsungwi? Nsungwi imawerama mpaka zidebe kufuna kukhudza pansi, koma siithyoka. Ukatula imawongoka. Tsono tenga mpini wouma wa khasu: sumawerama, koma ukaupyoza muyeso umangoti khotcho. Kuwerama ndi kuthyoka ndi matenda awiri. Ine masamu awo sindiwadziwa, koma zimene walemba mwanayo ndikuzimva.

Mai Nanyoni: Madala mwayankha kale, ine ndingoikapo manambala. Akapitawo, memoyo siikuzemba, yavomera kulakwa poyera, kungoti yalembedwa mwachidule. Bimu iliyonse timaifunsa mafunso awiri osiyana. Loyamba: kodi chitsulo chikukokedwa ndi kupanikizidwa mopyola zimene chingapirire? Yankho lake ndi 160 uja. Chitsulo cha S275 chimayamba kupindikiratu osabwerera pa 275, ndiye 165 ndi malire oikidwa pansi dala kuti pakhale mpata. Lachiwiri: kodi yatsika mamilimita angati, ndipo zimene zili pansi pake kapena pamwamba pake zingalole? Galasi ndi pulasitala sizidziwa za 160. Zimangodziwa kuti china chake chatsika masentimita atatu n'kuzikhalira.

Kapitawo Duwa: Mayi, pamenepo ndamva. Koma tinangowonjezera mita imodzi yokha. Mita imodzi pa 6 ingabweretse zonsezi?

Tadala: Ndiyankhe ine, tinachita izi chaka chachiwiri ku MUBAS. Bimu yokhala pa nsonga ziwiri, katundu wofanana ponseponse:

```
M = w*L^2 / 8
stress = M / Z
sag = 5*w*L^4 / (384*E*I)
```

Apa w ndi katundu pa mita, L ndi sipani, M ndi mphamvu yopinda bimu, sag ndi kutsika pakati, Z ndi I ndi manambala a saizi ndi kaumbidwe ka bimu, E ndi nambala ya mmene chitsulo chimakanira kuwerama. Pa bimu imeneyi Z ndi 230 cm³, I ndi 2340 cm⁴, E ndi 205000 N/mm². Ndaika mu foni: pa mamita 7, M ndi 36.75 kNm, sitiresi 160, kutsika 39 mm. Ndiye injiniya wanu walakwitsa, si 29 ayi, ndi 39.

Mai Nanyoni: Tadala mwana wanga, masamu wakhoza, memo sunawerenge bwino. 39 ndi ya katundu yense, 6 kN. Koma 10 mwa 39 imeneyo inatsika kale tsiku limene anakhoma matabwa, chitseko chisanaikidwe. Woika chitseko anayeza mpata umene anaupeza, ndiye 10 ija chitseko sichinaimve. Chimene chachipweteka ndi 29 yobwera ndi matumba. Malire a sipani kugawa ndi 360 amene ali mu malamulo a ku Britain omangira ndi chitsulo, BS 449, ndiponso mu BS 5950 pa bimu yonyamula pulasitala kapena zinthu zosachedwa kusweka, amayang'ana katundu wobwera pambuyoyu. 7000 kugawa ndi 360 ndi 19 ndi kakang'ono.

Tadala: Zoona, pepani. Ndinathamanga.

Mai Nanyoni: Palibe kanthu. Koma tayang'anani pa mizere wakulemberaniyo, akapitawo, yankho la mita imodzi lili pompo. Mu mzere woyamba L ali ndi 2 pamwamba, mu wachitatu ali ndi 4. Tanthauzo lake n'lakuti sitiresi imakula ndi utali kudzichulukitsa wokha kawiri, kupindika kumakula ndi utali kudzichulukitsa wokha kanayi. Kuchoka pa 6 kufika pa 7, sitiresi inachoka pa 117 kufika pa 160. Inali ndi mpata waukulu, ndiye inakwanabe, ngakhale mothinana. Kupindika kwa matumba kunachoka pa 16 kufika pa 29, pafupifupi kuwirikiza. Ndipo kumeneku mpata kunalibe ndi kale lomwe: pa mamita 6 malire anali 16.7, bimu inali pa 15.8. Amene anajambula pulani yoyamba anasankha bimu iyi chifukwa cha kupindika, osati chifukwa cha sitiresi. Wobwera pambuyo anaona 117 pansi pa 165 n'kuganiza kuti pali chosungira chambiri, osadziwa kuti chimene chinkalamula saizi ndi china.

Kapitawo Duwa: Eee. Ndiye tsiku lija mwini anabwera n'kunena kuti lole izilowa chammbuyo, tisunthe khoma, injiniya anatenga kakyuleta mphindi zisanu n'kuti "ikwana". Ndinalipo.

Ganizani wowotcherera: N'chifukwa chake ndikuti S355. Ikanakhala yolimba sikanatsika choncho.

Mai Nanyoni: A Ganizani, apa ndipamene anthu ambiri amataya ndalama. Mutachotsa bimu imeneyo n'kuika ina ya saizi yomweyo ya S355, itsika 29 yomweyo, osachotsapo ngakhale milimita imodzi. Yang'anani mzere wachitatu uja, giredi mulibemo. Muli E, ndipo E ya chitsulo chomangira ndi imodzimodzi, kaya ndi 275 kaya 355. Giredi yapamwamba imakweza polekezera pamene chitsulo chingapirire chisanapindikiretu. Mmene chimawerama chisanafike pamenepo sizisintha. Kunena zoona giredi yapamwamba ndiyo imakola anthu kwambiri, chifukwa imakulola kusankha bimu yaing'ono, ndipo yaing'onoyo imawerama kuposa.

Ganizani wowotcherera: Zimenezo ndiye zandivuta kumeza mayi. Ine ndimadula zitsulo tsiku ndi tsiku, china chimadya disiki msanga china ayi. Mukuti zonse zimawerama mofanana?

Mai Nanyoni: Kudya disiki ndi kuuma kwa chitsulo, ndipo kumeneko mukunena zoona, zimasiyana. Koma yesani izi ku shopu kwanu ku Chitakale. Tengani tsamba la sipulingi ya galimoto, mudule fulati ba wamba wa utali, m'lifupi ndi kunenepa kofanana nalo. Muziike pa njerwa ziwiri, mukoloweke chidebe cha madzi pakati. Zitsika pafupifupi mofanana. Kusiyana mukuona mukaonjeza katundu kwambiri: fulati ba ipindikiratu, sipulingi ibwerera.

Ganizani wowotcherera: Ndiyesa Loweruka. Koma mfundo yanga ina musaitaye. Ndinaonapo bimu yogulitsidwa ngati 25 koma fulanji yake, chitsulo chafulati cha pamwamba ndi pansi chija, yopyapyala. Akapitawo munayeza?

Mai Nanyoni: Imeneyo ndi mfundo yabwino, ndipo memo inayenera kuitchula. Pa 203x133x25 fulanji izikhala 7.8 mm, khoma lapakati 5.7 mm, kutalika kuchoka pansi kufika pamwamba 203. Fulanji ikapyapyala I amatsika, bimu imawerama kuposa pa pepala.

Kapitawo Duwa: Veniya ndilibe, koma tinachita izi ndi injiniyayo Lachiwiri. Tinakoka twaini kuchoka nsonga ina kufika ina pansi pa bimu. Matumba ali pompo, pakati panatsika 41. Anyamata anatsitsa matumba onse a pamzere umenewo, tinayezanso, 12. Chitseko chinayambanso kuyenda.

Tadala: 41 kuchotsa 12 ndi 29! Ndendende ndi masamu. Ndiye chitsulo ndi cha saizi yake, chikanakhala chopyapyala kusiyanako kukanakula.

Mai Nanyoni: Eya, ndipo muyeso umenewo ukunenanso chinthu chachiwiri chofunika kuposa. Bimu yabwerera. Ikanakhala kuti inapyola 275 penapake, ikanatsala ndi mimba ngakhale matumba atachoka. 12 yotsalayo ndi 10 wa kulemera kwake ndi matabwa, 2 winayo mwina ndi twaini kapena bimu inabwera yokhota pang'ono, sizodetsa nkhawa. Akapitawo, manambala awiri amenewa ndi amene mukamuonetse mwini shedi. Akamati chitsulo n'chofooka, mumuuze kuti chofooka sichidzuka.

Madala Likoswe: Nsungwi ija.

Esime: Ndiye ndifunseko zanga. Kwathu ku Bvumbwe lintala ya pa khonde, ya simenti, yatsika pakati pang'onopang'ono zaka zinayi tsopano. Palibe thumba lililonse pamwamba pake. Ndi matenda omwewa?

Mai Nanyoni: Achemwali, ndi msuweni wake koma si omwewo. Konkire imapitiriza kutsika pang'onopang'ono kwa zaka ngakhale katundu asasinthe. Chitsulo pa kutentha kwa kuno sichitero, chimatsika tsiku lomwe mwachisenzetsa n'kuima pompo. Yanuyo muione pansi pake ngati pali ming'alu yopingasa kapena madontho a dzimbiri. Ngati zilipo, muitane munthu adzaione, osati pa foni.

Esime: Dzimbiri lilipo mbali imodzi. Ndikutumizirani chithunzi kumbali.

Yohane wa njerwa: Koma ine ndikufunsabe. Ngati sichigwa, vuto n'chiyani? Achotse chitsekocho, adule pamwamba, basi. Malata a m'nyumba zathu amachita mimba tonse tikugonamo.

Mai Nanyoni: A Yohane simunalakwe kwenikweni. Akapitawo, mabimu alipo angati pa nsanja imeneyo?

Kapitawo Duwa: Anayi. Onse ofanana, onse a mamita 7.

Mai Nanyoni: Ndiye onse anayi akutsika 29, koma odandaulidwa ndi amodzi. Atatu enawo pansi pawo pali mpweya wokha. Mu BS 5950 bimu yopanda chosweka imaloledwa sipani kugawa ndi 200, apa ndi 35 mm, ndiye atatuwo akukwana. Malire a kupindika si nambala ya chitsulo, ndi nambala ya chimene chitsulocho chakhala nacho pafupi. Kudula chitseko n'kusiya mpata pamwamba pake ndi njira ndithu, bola mpatawo ukhale woposa 29 ndipo njanji ya chitseko isapachikidwe ku bimu. Chokhacho chimene sindikuchikonda ndi 160 pa 165. Zikutanthauza kuti matumba 9 pa mita iliyonse ya bimu, 63 pa bimu yonse, ndiwo mapeto. Nyengo ya nandolo ikafika pachimake ndani aziwerenga?

Kapitawo Duwa: Palibe. Lole ikafika usiku anyamata amangosanja pamene pali malo.

Bambo Mulima: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndinagwira zaka zambiri yokonza makina ndi nyumba pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndiye zamabimu ndinazionako. Ine memo imeneyi sindikuikhulupirira pa 165 pamenepo. Nambala imeneyo ndi ya bimu imene fulanji yake ya pamwamba yagwiridwa kuti isathawire kumbali. Bimu ya mamita 7 yopapatiza chonchi ikakhala yosagwiridwa, imapotokola n'kugona chammbali sitiresi isanafike n'komwe ku 165. Ndinaona ina itachita zimenezo mu shedi ya feteleza, sinachite mimba nthawi yaitali ayi, inangotembenuka. Duwa, mitanda ya nsanjayo yangokhala pamwamba kapena yamangidwa?

Kapitawo Duwa: Bambo, tinawotcherera timaengo pa fulanji, mtanda uliwonse uli ndi bawuti. Mitanda yatalikirana 600.

Bambo Mulima: Bawuti mu thabwa la paini. Ndipo mbali inayo mitandayo yagwira chiyani? Ngati yangolumikiza bimu ndi bimu inzake, onse anayi angathe kupendekera limodzi ngati ana ogwirana manja.

Mai Nanyoni: Bambo Mulima akhudza pamene memo yangokhala chete. Ngati matabwa a pansi anakhomedwa bwino pa mitanda ndipo nsanja yonse yagwira makoma a mbali, imakhala ngati mbale imodzi youma ndipo imagwira mafulanji. Ngati matabwa angoyalidwa, ndiye nkhani ina. Kuchokera pano sindinganene. Akapitawo mumufunse injiniya alembe pa pepala kuti 165 anaitenga poganiza kuti fulanji yagwiridwa ndi chiyani. Komanso mukakoka twaini, kokaninso ina m'mbali mwa fulanji ya pamwamba matumba ali pompo. Ikapezeka yakhotera kumbali, matumba atsike tsiku lomwelo.

Kapitawo Duwa: Matabwa tinakhoma misomali iwiri pa mtanda uliwonse. Za makoma a mbali, mbali imodzi mitanda yalowa mu khoma, mbali inayo pali masitepe. Ndikaona mawa.

Bambo Mulima: Mbali ya masitepe imeneyo ndi imene ndikufuna chithunzi chake.

Ganizani wowotcherera: Chabwino, tinene kuti mwini akufuna mimba ithe. Ine ndingawotcherere puleti pansi pa bimu, tsiku limodzi ndamaliza. Ndili ndi fulati ya 120 ndi 10.

Tadala: Ndawerengera. Puleti ya 120x10 pansi ikukweza I kuchoka 2340 kufika cha m'ma 3330. Kutsika kwa matumba kukhala pafupifupi 20.6. Yatsala pang'ono koma siikwana 19.4. Ya 150x12 ikufikitsa cha m'ma 3670, kutsika 18.7, imeneyo ikudutsa.

Ganizani wowotcherera: Milimita imodzi yokha mpaka kukagula puleti ina ku Limbe? Inu ana a sukulu 😅

Mai Nanyoni: Pa milimita imodzi sindingakangane nanu. Chimene ndingakangane nanu ndi kachitidwe. Mukawotcherera puleti bimu ili yosenza, mwaikhomerera mimbayo mmenemo, puleti izingothandiza pa katundu wobwera pambuyo. Matumba achoke kaye, muike jeke pakati muikweze, kenako muwotcherere. Ndiponso moto wa pansi pokha umakoka: weledi ikamazizira imafupika, bimu imakhota. Apa mwayi wake imakhotera m'mwamba, koma mukathira weledi yaitali mbali imodzi musanapite mbali inayo, ikhoteranso kumbali. Ndipo ndi ntchito yowotcherera chagada, pansi pa nsanja ya paini youma. Madzi akhale pafupi.

Ganizani wowotcherera: Zimenezo ndiye zanga, musadandaule. Timadumphadumpha, kuno pang'ono uko pang'ono, kuyambira pakati.

Madala Likoswe: Ine ndikanaika mzati pakati n'kukagona. Kale denga likachita mimba timadula bulugamu, phanda pamwamba, yatha.

Tadala: Agogo ali ndi mfundo yamphamvu kuposa tonse. Mzati pakati ukudula sipani pawiri, ndiye L wa kanayi uja akugwira ntchito mobwerera: theka kudzichulukitsa lokha kanayi ndi gawo limodzi mwa 16. 39 ija ikutsika kufika pansi pa 3 mm.

Mai Nanyoni: Inde, ndipo ndi njira yokhayo imene ikutsitsanso sitiresi kwambiri, kufika cha m'ma 40, ndiye anyamata a usiku aja sangakuopseninso. Koma mzati umenewo usenza matani opitirira pang'ono awiri ndi theka. Musauimike pa fulowa ya simenti yopyapyala, muboole muthire fandeshoni yakeyake. Pa bimu ya pa ofesi n'zosavuta, mzati ungabisale mu khoma la ofesiyo ngati chitseko chasunthidwa. Pa atatu enawo mwini akana, chifukwa anakulitsa shedi n'cholinga choti lole ilowe.

Kapitawo Duwa: Wakana kale. Akuti mzati ayi.

Yohane wa njerwa: Nanga kungosintha bimu? Yolemera kawiri.

Mai Nanyoni: Siifunika kulemera kawiri, ifunika kutalika msinkhu. Madala Likoswe angakuuzeni za thabwa.

Madala Likoswe: Thabwa la sikisi bayi thu ukaligoneka chafulati n'kupondapo limawerama kwambiri. Ukaliimika chammbali, thabwa lomwelo, ungayendepo ndi thumba kumutu.

Mai Nanyoni: Basi. Chitsulo chimene chili kutali ndi pakati pa bimu ndicho chimaletsa kuwerama. UB 254x146x31 yangolemera makilo 6 pa mita kuposa yanuyi, koma I wake ndi 4410, ndipo matumba omwewo angaitsitse 16 yokha. Palinso 305x102x25, yolemera chimodzimodzi ndi yanuyi, I wake pafupifupi kuwirikiza, koma ndi yopapatiza kwambiri ndipo Bambo Mulima angandikalipire. Njira yachidule imene ndimagwiritsa ntchito pa saiti ndisanatulutse kakyuleta: gawani sipani ndi msinkhu wa bimu. Pa bimu yonyamula nsanja ndimayembekeza cha m'ma 20. Yanuyi ndi 7000 kugawa ndi 203, yomwe ndi 34. Nambala ikafika pamenepo ndimadziwiratu kuti kupindika ndiko kudzalamule, ngakhale sitiresi ioneke bwino chotani.

Bambo Mulima: Pa mamita 6 inali kale pa 30. Pulani yoyambayo inali yothina.

Mai Nanyoni: Inali yothina koma yodutsa. Sindingamudzudzule wojambulayo, anapatsidwa 6 n'kuwerengera 6.

Esime: Ndiye alipira ndani? Ine monga wamalonda ndikumumvera chisoni mwini shediyo. Iye anafunsa, katswiri anati ikwana.

Ganizani wowotcherera: Koma ndi iyeyo anasintha pulani ntchito ili pakati. Mabimu anali asanagulidwe?

Kapitawo Duwa: Anali asanagulidwe. N'chimene chikundipweteka. Tsiku limenelo kusintha saizi kukanangokhala kusintha mzere umodzi pa oda. Makilo 6 pa mita, mamita 28 onse pamodzi, sizikufika ngakhale makilo 200 a chitsulo.

Bambo Mulima: Kwa ine mlandu uli pa amene anati ikwana. Mwini nyumba ali ndi ufulu wopempha chilichonse, ntchito ya injiniya ndi kunena mtengo wa pempholo. Koma ndimupatsa ulemu mnyamatayo polemba yekha kuti sanaonenso kupindika. Ambiri akanati nandolo anali wonyowa.

Yohane wa njerwa: Kapena anali wonyowadi? Chiperoni cha kuno mukuchidziwa.

Kapitawo Duwa: Thumba lililonse limadutsa pa sikelo a Yohane, 50 ndi 50.

Tadala: Njira ina yaulere: matumba 6 pa mita m'malo mwa 9. Kutsika kukhala 19.5, pamalire penipeni.

Kapitawo Duwa: Ukamuuze wekha kuti gawo limodzi mwa atatu a nsanja yake likhale lopanda kanthu mu Seputembala.

Mai Nanyoni: Maganizo anga ndi awa, koma wosaina ndi injiniya wanu, osati ine. Bimu ya pa ofesi, puleti ya 150x12 ndi jeke, kapena mzati mu khoma. Atatu enawo asiyidwe ngati nkhani ya Bambo Mulima yayankhidwa bwino, ndipo pakhoma pajambulidwe mzere wa penti woonetsa polekezera matumba. Ngati siinayankhidwe bwino, ndiye kupindika kwa 29 kukhala nkhani yaing'ono pa ziwirizi.

Bambo Mulima: Mzere wa penti ine sindiukhulupirira. Ndinajambulapo yambiri.

Kapitawo Duwa: Mawa m'mawa ndikoka twaini ya m'mbali ndi kujambula ku masitepe. Pakadali pano mzere wa pa ofesi uli wopanda matumba. Ndani ali ndi jeke ya botolo ya matani 5 kufupi ndi Limbuli? Yanga ikudontha oyilo.

Ganizani wowotcherera: Ndili nayo, koma ibwere ndi mwini wake. Puleti akagule okha ku Limbe, mamita 6 akwana, kunsonga siifunika kufika.

Mai Nanyoni: Utali wa puleti afunse injiniya kaye a Ganizani, asanadule.